Phunziro la Zaulimi: Ulimi wa Chakudya cha Pakhomo ndi Ulimi Wamalonda

Ophunzira a Fomu 1 ndi Fomu 2 amakumana ndi mutu uwu chaka chilichonse, ndipo ambiri akafunsidwa kusiyana kwa mitundu iwiriyi ya ulimi amayankha mwachidule kuti wina ndi waung'ono, wina ndi waukulu. Yankho limeneli limapereka malikisi ochepa chifukwa limasiya phata la nkhani. Mlimi wa tomato wa ku Lizulu amene ali ndi dimba la theka la ekala ndi mlimi wamalonda, pakuti tomato wakeyo amalimira msika. Banja la ku Machinga limene lili ndi maekala atatu a chimanga, nandolo ndi maungu likhoza kukhala lolima chakudya cha pakhomo, ngakhale munda wake uli waukulu kuposa dimba lija. Chimene chimasiyanitsa alimi awiriwa ndi cholinga chimene amalowera nacho m'munda. Wina amawerengera zokolola zake pa miyezi imene ana ake adye nsima, pomwe mnzake amawerengera pa ndalama zimene zitsale akabweza zonse zimene analowetsa. Zipangizo, kukula kwa munda, antchito ndi kumene zokolola zimapita, zonsezi zimatsatira cholinga chimenechi.

Kuti kuyerekeza kwathu kukhale kolungama, titenga mbewu imodzi, chimanga, ndi alimi awiri ongoyerekeza. Woyamba ndi banja la anthu asanu ndi mmodzi limene limalima hekitala imodzi. Wachiwiri ndi mlimi amene amalima mahekitala 20 a chimanga chogulitsa. Kumbukirani kuti hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndipo thumba limene tikunena ndi la makilogalamu 50.

Zipangizo zimene zimalowa m'munda

Tiyambe ndi mbewu. Banja lija nthawi zambiri limabzala chimanga chimene linasankha pa zokolola za chaka chatha: zisononkho zikuluzikulu zimene mayi anazipachika pa tsindwi la khitchini kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Mbewu yotere sifuna ndalama. Ngati ndi chimanga chamakolo, njere zake ndi zolimba, zimakonoka bwino mu mtondo osaphwanyika, ndipo zimakhalitsa m'nkhokwe. Kwa munthu amene adzadye yekha chimangacho, zinthu zimenezi n'zazikulu. N'chifukwa chake alimi ambiri ankakana mitundu yoyamba ya chimanga cha hayibulidi, imene njere zake zinali zofewa ndipo zinkatuluka gaga wambiri pokonola. Akatswiri a ku Chitedze anamva dandaulo limeneli, ndipo mu 1990 anatulutsa mitundu ya MH17 ndi MH18 imene njere zake n'zolimbirapo.

Mlimi wamalonda amagula mbewu ya hayibulidi yatsopano chaka chilichonse, makilogalamu 25 pa hekitala. Sabwereza mbewu ya chaka chatha chifukwa mphamvu ya hayibulidi ili mu m'badwo woyamba wokha. Mukabzala ana ake, mapesi amatuluka osafanana, ena aatali ena aafupi, ena okhwima msanga ena mochedwa, ndipo zokolola zimatsika. Banja limene linabzala hayibulidi chaka chatha n'kusungako mbewu limakumana ndi vuto lomweli, ngakhale silimadziwa msanga chimene chachitika.

Kusiyana kwakukulu kuli pa feteleza. Malangizo a zaulimi amati hekitala imodzi ya chimanga cha hayibulidi ilandire makilogalamu 92 a nayitirojeni. Nambala imeneyi imachokera pa matumba asanu. Feteleza wokulitsa, amene nambala yake yoyamba pa thumba ndi 23, ali ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni pa makilogalamu 100 aliwonse, choncho matumba awiri amapereka makilogalamu 23. Yureya, wobereketsa, ali ndi makilogalamu 46 pa 100, choncho matumba atatu, omwe ndi makilogalamu 150, amapereka makilogalamu 69. Mukaphatikiza 23 ndi 69 mupeza 92. Mlimi wamalonda amathira matumba asanu onsewo, ndipo amathira pa nthawi yake: wokulitsa pobzala kapena chimanga chitangomera, wobereketsa patatha pafupifupi milungu itatu.

Banja lija, pa chaka chabwino, limapeza matumba awiri, limodzi lokulitsa ndi limodzi la yureya, monga mmene ndondomeko za boma za zipangizo zotsika mtengo zakhala zikuperekera kuyambira mu 2005. Matumba awiriwa ali ndi makilogalamu 34.5 a nayitirojeni, ndipo akamwazidwa pa hekitala yonse chimanga chimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chimene chimafuna. Munda wotere umadziwika ndi maso. Masamba a m'munsi amayamba chikasu kuchokera ku nsonga, chikasucho n'kumatsika motsata msempha wapakati pa tsamba, mapesi amakhala oonda, ndipo nthaka ikakhala yoguga kaufiti amatulukira ndi maluwa ake ofiira chimanga chikamamasula. Banjalo limayesa kukwaniritsa chosowacho ndi manyowa a mbuzi, kompositi ndi masamba a nandolo amene amayoyokera m'mizere. Zimenezi zimathandiza nthaka kwambiri, koma zimafuna manja ndi ngolo, ndipo sizikwana munda wonse.

Pa zida, banja lili ndi makasu, chikwanje ndi nkhwangwa. Mlimi wamalonda amalima ndi thirakitala yake kapena yobwereka, amapopera mankhwala opha udzu ndi mankhwala a mbozi, ndipo amatonola ndi makina. Mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo imene inalowa m'dziko muno cha m'ma 2017 inaonetsa kusiyanaku poyera. Wamalonda amayendera munda sabata iliyonse, akaona timabowo pa masamba ndi ndowe zonga utuchi mu mtima wa chimanga amapopera mbozi zidakali zazing'ono. Banja limathira dothi, phulusa kapena msuzi wa usipa mu mtima wa phesi lililonse, kapena kutola mbozizo ndi manja.

Mwachidule, zipangizo za banja zambiri zimachokera pakhomo pomwepo ndipo zimalipiridwa ndi thukuta. Za mlimi wamalonda zimachokera ku sitolo ndipo zimalipiridwa ndi ndalama, kawirikawiri za ngongole, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi asanagulitse thumba ndi limodzi lomwe.

Kukula kwa munda

Mabanja ambiri a m'chigawo cha kummwera amalima malo osakwana hekitala imodzi, ndipo malowo amachepa m'badwo uliwonse pamene munda wa makolo ukugawidwa kwa ana. Nthawi zina amakhala timinda tiwiri kapena titatu totalikirana, kena kumtunda, kena kudambo. Pa munda waung'ono chotere banja limafuna kuti pachoke zonse: nsima, ndiwo ndi kakugulitsa. Motero mu mzere umodzi mumapezeka chimanga, nandolo, khobwe ndi maungu. Kasakaniza ameneyu ali ndi nzeru yake. Mvula ikadula mu Febuluwale chimanga n'kufota, nandolo amene mizu yake imazama amapirira, ndipo banja silituluka m'munda chimanjamanja. Nkhwani ndi chitambe zimadyedwa kuyambira Januwale, pamene m'nyumba muli usiwa wa ndiwo.

Mlimi wamalonda amabzala mbewu imodzi pa munda wonse. Mizere imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando, zimene zimapereka mapesi opitirira pang'ono 53,000 pa hekitala. Amachita zimenezi chifukwa makina ndi mankhwala zimafuna munda wofanana. Mankhwala opha udzu amene chimanga chimapirira akhoza kupha maungu ndi khobwe, ndipo thirakitala singadutse pamene payanga maungu.

Kukula kwa munda kumatsitsa mtengo wolimira thumba limodzi. Mwini thirakitala sangawotche mafuta kupita makilomita 15 kukalima theka la ekala, koma mahekitala 20 amapitira mosangalala, n'kutsitsanso mtengo. Wogula matumba 100 a feteleza nthawi imodzi amatha kunenerera, ndipo lole imam'tulira pakhomo. Wogula thumba limodzi amalipira mtengo wa pa shelefu, n'kulipiranso wakabaza. Palinso nkhani ya umwini wa malo. Munda wa banja kawirikawiri ndi wamakolo, wodziwika kwa amfumu ndi kwa anansi koma wopanda chikalata chimene banki ingalandire ngati chikole. Esiteti imakhala ndi lizi, ndipo ndi lizi imeneyo imakongola ndalama zogulira zipangizo.

Kumapeto kwenikweni kwa ulimi wamalonda kuli minda ngati ya nzimbe ya kampani ya Illovo ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, kapena minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kumeneko munda ndi fakitale zimamangidwa pamodzi, chifukwa nzimbe ikadulidwa shuga wake amayamba kuchepa ndipo iyenera kufinyidwa msanga, ndiponso masamba a tiyi amayenera kufika ku fakitale tsiku lomwe athyoledwa. Koma musaiwale chitsanzo cha tomato chija. Mlimi wa thonje wa ku Balaka amene ali ndi ekala imodzi ndi wamalonda pa thonje lakelo, popeza palibe amene amadya thonje.

Ogwira ntchito

Pa munda wa banja, antchito ndi eni ake: bambo, mayi, ndi ana akaweruka ku sukulu. Palibe amene amalandira malipiro, ndipo n'chifukwa chake banja likamawerengera zimene lawononga pa ulimi silitchula ntchito. Komabe ntchitoyo ndi yochuluka. Kusosa ndi kupanga mizere pa hekitala ndi khasu kumatenga milungu ingapo ya dzuwa la Okutobala. Mvula yobzalira ikagwa, ntchito zonse zimaunjikana: kubzala, kuthira feteleza, kupalira koyamba, kuthira wobereketsa, kubandira. Milungu isanu ndi umodzi yoyambirira ndiyo imagamula zokolola, chifukwa udzu ukapambana chimanga pa nthawi imeneyi, kupalira kwa pambuyo sikubweza zimene zatayika. Manja anayi a akuluakulu sangapalire hekitala yonse pa sabata imodzi. Pamene akufika kumapeto kwa munda, kumene anayambira udzu wameranso. Mayi akadwala malungo sabata imeneyo, kapena pamudzi pakagwa maliro, munda umadikira.

Mlimi wamalonda amagula ntchito monga amagulira feteleza. Amakhala ndi antchito ochepa okhazikika, monga kapitawo ndi mlonda, ndipo pa nthawi yobzala, yopalira ndi yokolola amalemba aganyu ambiri kuti ntchito ithe m'masiku ochepa. Ubwino wake ndi wakuti chilichonse chimachitika pa nthawi yake. Kuipa kwake ndi kwakuti malipiro sadikira zokolola. Mvula ivute, mtengo ugwe, waganyu walandira kale zake. Komanso munthu wolipidwa pa mzere amathamangira kuchuluka kwa mizere, choncho popanda woyang'anira amakwirira udzu m'malo mouzula, kapena kuthira feteleza pamwamba osakwirira, yureya n'kuuluka ndi dzuwa.

Apa pali mfundo imene ophunzira ambiri saiona. Waganyu amene akupalira m'munda wa mahekitala 20 mu Januwale ndi bambo wa banja lija. Chimanga chatha m'nyumba, ndiye wapita kukagwira ganyu kuti apeze ufa wa tsikulo. Sabata imene akupalira munda wa mnzake ndi sabata yomwe munda wake ukufuna khasu. Mitundu iwiriyi ya ulimi imakumana pa ganyu, ndipo njala ya chaka chino imachepetsa zokolola za chaka chamawa kudzera njira imeneyi.

Tiwerengere pamodzi

Mitengo ya kwacha imasintha kawirikawiri, choncho tiwerengera zonse pa matumba a chimanga, pa mtengo wa nthawi yokolola. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirire njira yowerengera. Tinene kuti thumba limodzi la feteleza likugulidwa ndi ndalama za matumba anayi a chimanga.

Mlimi wamalonda, pa hekitala iliyonse, walowetsa izi: feteleza matumba asanu, omwe ndi matumba 20 a chimanga, mbewu, matumba 6, thirakitala, matumba 8, antchito, matumba 16, mankhwala, matumba 4, kutonola, masaka ndi mayendedwe, matumba 8, lendi ya malo ndi zolipira pa ngongole, matumba 8. Zonse pamodzi ndi matumba 70. Wakolola matumba 100 pa hekitala, omwe ndi matani asanu. Phindu lake ndi matumba 30 pa hekitala, ndipo pa mahekitala 20 ndi matumba 600. Nambala imene mlimi ameneyu sagona nayo tulo ndi 70. Akakolola zochepera pamenepo, waluza.

Banja lija lalowetsa feteleza matumba awiri, omwe ndi matumba 8 a chimanga, ndi thumba limodzi la masaka ndi mankhwala osungira. Zonse ndi matumba 9. Lakolola matumba 30, omwe ndi tani imodzi ndi theka. Patsala matumba 21. Tikanati tiwerengere ntchito ya banjalo pa mtengo womwe wamalonda amalipira, matumba 16, pakanatsala matumba 5 okha, ndipo munthu wa bizinesi akanati ulimi umenewu ndi wotaya nthawi. Koma banjalo silifunsa funso limenelo. Nambala yake ndi 18: anthu asanu ndi mmodzi akamadya thumba limodzi ndi theka pa mwezi, amafuna matumba 18 kuti afike pa kukolola kwina. Popeza 21 ndi wamkulu kuposa 18, chaka chimenechi chikuoneka chabwino. Onjezaninso nandolo, maungu ndi masamba zimene sizinalowe m'masamu athu.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Dziko lonse lakolola bwino ndipo mtengo wa chimanga wagwa ndi theka. Mlimi wamalonda analipira zipangizo zake ndi ndalama, ndiye kuti abweze ndalama zomwezo afunika kugulitsa matumba 140 pa hekitala, pomwe ali ndi 100. Munda wabereka bwino koma iye walowa m'ngongole. Banja lija, pa matumba 18 amene lidye, silimva kanthu, pakuti nsima sichepa m'mbale chifukwa chakuti mtengo watsika pa msika. Limamva kuwawa pa matumba okhawo amene ligulitse kuti ligule feteleza.

Tisinthenso china. Mvula yadula ndipo aliyense wakolola theka. Wamalonda ali ndi matumba 50 pa hekitala, osakwana 70 aja, koma chaka cha chilala mtengo wa chimanga umakwera, ndipo kukwerako kukhoza kum'pulumutsa chifukwa iye ndi wogulitsa. Banja lakolola matumba 15. Ngakhale lisagulitse ndi limodzi lomwe, chakudyacho ndi cha miyezi khumi, ndipo miyezi iwiri yotsalayo lidzagula chimanga pa mtengo wokwera uja. Mtengo umodzimodzi umene ukuthandiza wogulitsa ukupweteka wogula. Choncho mdani wamkulu wa wamalonda ndi kugwa kwa mtengo, pomwe mdani wamkulu wa banja ndi kuchepa kwa zokolola.

Kumene zokolola zimapita

Chimanga cha wamalonda chimachoka pa munda pafupifupi chonse. Amachiumitsa mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo, amachipeta, amachiyeza pa sikelo, n'kuchigulitsa kwa makampani opanga ufa, opanga chakudya cha nkhuku, amalonda akuluakulu, kapena ku nkhokwe za boma. Ena amakhala atagwirizana kale ndi wogula asanabzale. Wogula wotere amayang'ana chinyezi, zinyalala, njere zowola ndi zofumbwa, ndipo katundu wosafika pa muyezo amabwezedwa kapena kudulidwa mtengo. Ngati mlimiyu ali ndi nyumba yosungiramo ndipo ngongole sikum'thamangitsa, amasunga chimanga mpaka Disembala kapena Januwale pamene mtengo wakwera.

Chimanga cha banja chimatuluka pang'onopang'ono, pa zitseko zambiri. Tiyeni titsatire matumba 30 aja. Matumba 9 agulitsidwa kuti papezeke zipangizo za chaka chamawa. Matumba 4 apita pa fizi, yunifolomu ndi sopo. Matumba 2 apita kwa agogo, ku maliro ndi kwa achibale amene sanakolole, zimene pamudzi si kuwononga, chifukwa chaka china achibale omwewo ndiwo adzathandize. Matumba 2 adyedwa ndi anankafumbwe ndi makoswe. Patsala matumba 13. Pa thumba limodzi ndi theka pa mwezi, kuyambira mu Meyi, chimangacho chikutha Januwale asanathe. Banja limene linakolola zokwanira chaka chonse likusowa matumba 5.

Apa ndi pamene pali msampha. Matumba 13 aja anagulitsidwa mu Meyi ndi Juni, pamene aliyense akugulitsa ndipo mavenda akhazika masikelo pa mphambano iliyonse. Matumba 5 osowawo adzagulidwa mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi, pamene mtengo uli pamwamba. Tikayerekeza kuti mtengo wawirikiza kawiri, banjalo lidzalipira ndalama za matumba 10 kuti libweze matumba 5. Ndalamazo zidzachokera ku ganyu, kapena pogulitsa mbuzi, kapena kwa munthu wokongoza amene adzafune chimanga chochuluka pokolola. Ena amafika pogulitsa chimanga chidakali m'munda. Banjali limagula zipangizo ndi ndalama ngati wamalonda, koma limagulitsa pa nthawi imene wamalonda wanzeru akusunga.

Masamu omwewa akutisonyeza pamene pangakonzedwe. Matumba 2 otayika aja akhoza kupulumuka ngati chimanga chauma bwino chisanalowe m'thumba. Njira yoyesera ndi yapafupi: ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, ndipo patapita kanthawi muone. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Chikauma, chithiridwe mankhwala osungira pa muyezo wolembedwa pa botolo, kapena chiikidwe m'matumba osalowa mpweya a PICS, amene amapha tizilombo posowetsa mpweya bola asabooke ndiponso amangidwe bwino. Chachiwiri, banja liyambe lapatula matumba 18 a chakudya lisanagulitse kanthu, ndipo ndalama za fizi zichokere ku mbewu ina yolimira msika, monga nandolo, mtedza kapena soya. Chachitatu, alimi akasonkhanitsa zokolola zawo m'kalabu kapena m'kopaletivi, amagulitsa matumba mazana nthawi imodzi, ndipo amapeza mphamvu yonenerera imene mwini mahekitala 20 ali nayo payekha.

Koma mbewu yolimira msika imabwera ndi vuto la msika. Alimi a ku Machinga, Balaka, Zomba ndi maboma ena a kummwera akukumbukira za nandolo. Mtengo wake utakwera kwambiri cha m'ma 2015, ambiri anakulitsa minda ya nandolo. Msika waukulu wa nandolo wathu ndi dziko la India, ndipo mu 2017 dzikolo, litakolola nandolo wambiri kwawo, linaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo kuno unagwa kotheratu. Amene anabzala nandolo m'mizere ya chimanga anadandaula koma anadya nsima, ndiwo zake nandolo yemweyo. Amene anachotsa chimanga kuti munda wonse ukhale wa nandolo anatsala ndi matumba osagulika ndi nkhokwe yopanda kanthu. Banja likamasuntha kuchoka ku ulimi wa chakudya kupita ku wamalonda, limasinthanitsa vuto limodzi ndi lina, ndipo liyenera kudziwa kuti wogula womaliza wa mbewu yakeyo ali kuti.

Mmene mungazindikirire mtundu wa ulimi

Alimi ambiri m'Malawi ali pakati pa mitundu iwiriyi. Amadya gawo lina, amagulitsa gawo lina. Choncho mukapatsidwa chitsanzo pa mayeso, kapena mukayang'ana munda wa kwanu, funsani mafunso anayi. Kodi zipangizo zambiri zachokera pakhomo kapena zagulidwa? Kodi mundawo wakonzedwa kuti upereke zakudya zosiyanasiyana, kapena mbewu imodzi yochuluka? Kodi ogwira ntchito ndi eni ake kapena olipidwa? Nanga gawo lalikulu la zokolola likuthera mu mphika kapena pa sikelo? Funso lomalizali ndilo lolemera kuposa onse. Mlimi amene amagulitsa zotsala akapatula chakudya ndi wa chakudya cha pakhomo, ngakhale agulitse matumba khumi. Mlimi amene anasankha mbewu, mtundu wake ndi nthawi yobzala poganizira wogula ndi wamalonda, ngakhale munda wake ukhale bedi khumi za anyezi.

Ntchito yoti muchite

1. Mlimi wathira matumba atatu a feteleza wokulitsa wa nambala yoyamba 23 ndi matumba awiri a yureya pa hekitala imodzi. Pezani makilogalamu a nayitirojeni amene wathira, ndipo nenani ngati wafika pa 92.

2. Pa chitsanzo cha mlimi wa mahekitala 20, mtengo wa feteleza wakwera kuchoka pa matumba anayi a chimanga kufika pa asanu ndi limodzi, zina zonse osasintha. Kodi tsopano afunika kukolola matumba angati pa hekitala kuti asaluze? Nanga phindu lake pa munda wonse latsala matumba angati?

3. Banja la anthu asanu ndi atatu limadya matumba awiri pa mwezi. Lakolola matumba 26 kumayambiriro kwa Meyi ndipo lagulitsa 8. Kodi chimanga chidzatha mwezi uti?

4. Fotokozani m'ndime imodzi mmene ganyu wa mu Januwale angachepetsere zokolola za banja chaka chotsatira.

5. Pa tchuthi chikubwerachi, pemphani makolo kapena agogo anu mwaulemu kuti akuuzeni matumba amene anakolola chaka chatha ndi kumene thumba lililonse linapita: lodya, logulitsa, lopatsa abale, la mbewu ndi lowonongeka. Lembani mwezi umene anagulitsa ndi mwezi umene anayamba kugula, ngati anagula. Musalembe maina pa pepala lanu. Mubweretse zimene mwapeza sabata yoyamba ya teremu, kuti tidzawerengere pamodzi m'kalasi.